Chimangirizo cha Chitchaina cha mwana wanga: ndime ndi ma chengyu zikutigwetsa malikisi

BamboWaTada
Anzanga amene mwaphunzira kapena mukuphunzitsa kuno ku China, ndithandizeni. Mwana wanga wamkazi ali chaka chachiwiri cha chuzhong, sekondale ya m'munsi, pa sukulu ya boma, ndipo chaka chamawa ndiye cha mayeso a zhongkao, olowera ku sekondale ya pamwamba. Kulankhula amalankhula ngati mbadwa, masamu alibe vuto, koma zuowen, ndiye kuti chimangirizo, yakana. Mayeso apitawa anawapatsa mutu wakuti 那一刻,我长大了, ndiye kuti "Mphindi imene ndinakula", zilembo zosachepera 600. Iye analemba za tsiku limene amayi ake anadwala malungo a chimfine, iye n'kuphika nsima yekha koyamba. Nkhani yabwinobwino. Wapeza 33 pa 50. Aphunzitsi alemba ndi cholembera chofiira mawu awiri, 流水账 ndi 堆砌. Chondidabwitsa n'chakuti ndinamugulira buku la ma chengyu, mawu okuluwika a Chitchaina amene ambiri amakhala a zilembo zinayi, waloweza ambiri, ndipo m'chimangirizomo ndawerenga alipo 14. Sindiwo amene amakweza malikisi? Talakwitsa pati?

Nachisale_Wuhan
Ma chengyu 14 m'zilembo 600? Bambo, ndime iliyonse ndiye kuti munali atatu. Liwu lachiwirilo, duiqi, likunena zomwezo: kuunjika mawu ngati njerwa popanda chomanga. Loyambalo, liushuizhang, kwenikweni ndi kaundula wa mu shopu, uja wolemba zonse zimene zalowa ndi kutuluka motsatana. Akutanthauza kuti mwana wafotokoza tsiku lonse kuyambira podzuka mpaka pogona, chilichonse mzere umodzi, osaima paliponse.

KaduwaZA
Musavutike, ine ndinalemba chaka chatha. Amakupatsa nkhani ya zilembo pafupifupi 1000, uwerenge mphindi 10, akulanda pepala, ndiye uilembenso mwachidule m'zilembo 400 pa mphindi 35. Chinsinsi ndi kuloweza mayina ndi nthawi. Maganizo ako usaikemo.

Nachisale_Wuhan
Imeneyo ndi HSK 6 achemwali, mayeso a ife alendo. Mwanayu akupikisana ndi ana a eni dziko, ndipo kumeneko maganizo ake ndi amene akufunidwa.

KaduwaZA
Aaa chabwino. Komabe 400 ija inanditulutsa thukuta, musandichepetse.

MphunzitsiMbewe
Bambo a Tada, tiuzeni kaye mmene ndime zake zinayendera. Zinali zingati, ndipo nsimayo inayamba kuphikidwa pa mzere wachingati?

BamboWaTada
Ndime zitatu. Yoyamba mizere isanu, yoyamba ndi 光阴似箭,日月如梭, kuti nthawi ikuthamanga ngati muvi. Yachiwiri ndi chimtunda chimodzi cha mizere yoposa 20: kudzuka, kupita kusukulu, mvula, kubwerera, kupeza amayi ali gone, kundiimbira foni ine ndili ku labu, kupita kogula mankhwala, kenako kuphika. Kuphikako kwatenga mizere itatu ya kumapeto. Yachitatu akuti wazindikira kuti makolo amavutika ndipo adzalimbikira sukulu kuti adzawabwezere.

MphunzitsiMbewe
Ndiye matenda taapeza. Mutuwo uli ndi mawu akuti na yi ke, mphindi imeneyo. Sakufunsa tsiku. Akufunsa kamphindi kamodzi, ndipo woonga mayeso akufufuza kamphindiko ndi chala. Mwa mwana wanu kali m'mizere itatu mwa mizere 30. Zotsalazo ndi ulendo wopita kumeneko.

Ndaphunzitsapo ana a msinkhu umenewu kunyumba madzulo, ndipo ndimawauza kuti asanalembe chilembo ngakhale chimodzi m'timabokosi agawe kaye malo. Pepala wamba la zuowen limakhala ndi timabokosi 20 pa mzere, choncho 600 ndi mizere 30. Mwana aziganiza mizere, osati zilembo, chifukwa mizere amaiona ndi maso.

Nkhani yomweyi ndingaigawe ndime zisanu ndi imodzi. Yoyamba mizere itatu basi, ndipo iyambire pafupi ndi moto: watsegula chitseko, m'nyumba muli zii, mphika umene nthawi zonse umakhala ukuwira uli wozizira. Za sukulu ndi mvula zichoke zonse. Yachiwiri mizere inayi kapena isanu: amayi atentha thupi, sanadye chiyambire m'mawa, bambo kulibe, ndipo amayi akadwala safuna mpunga, amafuna nsima. Apa ndi pamene afotokoze nsima m'chiganizo chimodzi, kuti ndi chakudya cha kwathu cha ufa wa chimanga, chifukwa woongayo sanaionepo. Yachitatu ndi yachinayi ndiye thunthu, mizere 14 kapena 15 zonse pamodzi, theka la chimangirizo chonse. Yachitatu ndi kulephera: wathira ufa wambiri nthawi imodzi, mwachita mibulu, phala lamuthovukira pa dzanja. Yachinayi ndi kulimbana nawo: akumbukira mmene amayi amagwirira mphika ndi kansalu, akuvundula, mkono walema. Yachisanu, mizere inayi, ndi kamphindi kaja. Yomaliza mizere itatu, ibwerere ku mawu a mutu.

Mukaphatikiza mupeza 28 mpaka 30, ndiye awonjezeko pang'ono kuti adutse chizindikiro cha 600 chimene chimakhala pa pepala la mayeso ndi mzere umodzi kapena iwiri. Kugawa kumeneku kumatenga mphindi zisanu, m'mbali mwa pepala la mafunso.

Chimwe88
Izi si zomwe zija za chiyambi, thunthu ndi mathero tinaphunzira ku sekondale pa chimangirizo cha Chichewa? Ndiye mwana analemba ndime zitatu, walakwa chiyani? Anatsata lamulo.

MphunzitsiMbewe
Magawo atatu, inde, ngakhale Matchaina ali nawo. Pali mawu akale a m'nthawi ya ufumu wa Yuan amene aphunzitsi amabwerezabe: 凤头猪肚豹尾, mutu wa mbalame yokongola ija ya m'nthano zawo, mimba ya nkhumba, mchira wa kambuku. Chiyambi chaching'ono koma chokopa, pakati ponenepa, mathero aafupi amphamvu. Koma magawo atatu si ndime zitatu. Mimbayo iyenera kudulidwa. Woonga zhongkao amawerengera pa kompyuta mapepala ojambulidwa, ambirimbiri pa tsiku. Akaona chikhoma cha mizere 20 chopanda polowera, diso limatsetsereka, ndipo zabwino zimene zili mkatimo sazipeza. Ndime yatsopano iyambe pamene chinthu chasintha: malo, nthawi, kapena mtima wa wolemba.

Nachisale_Wuhan
Ndipo poti tikunena za maso: ndime iliyonse iyambe atasiya timabokosi tiwiri, mutu ukhale pakati pa mzere woyamba, mpumiro ndi mpatuliro chilichonse chitenge kabokosi kake, ndipo zisayambe mzere. Mzere ukathera pa chilembo, kadonthoko kapanikizidwe m'kabokosi komalizako. Ana athu amene anayambira sukulu ya Chingerezi amakonda kulumpha mzere m'malo mosiya timabokosi.

GogoWaMaPhone
Ine Chitchaina sindichidziwa, ndangolowerera. Koma mwana wa zaka 13 wophika nsima ku China ndi ufa wanji? Kumeneko kuli chigayo?

BamboWaTada
Agogo, timagula ufa wa chimanga pa intaneti. Wambiri ndi wachikasu, woyera umapezeka ukafufuza. Sufika pa ufa woyera wa kwathu koma umagwira.

KaduwaZA
Wachikasu uja umandikumbutsa chaka cha njala, sindiufuna n'komwe.

Chimwe88
Inu muli ku Joni mukudya pap tsiku lililonse, tisiyeni ife.

MalumeJoe
Tibwerere ku nkhani. Ine ndikutsutsana nanu pang'ono. Ndinachita chaka cha chilankhulo ndisanayambe digiri, ndipo aphunzitsi athu ankasangalala kwambiri munthu ukaika chengyu. Ankalemba kamzere kofiira kopindikapindika pansi pake, kutanthauza kuti wachita bwino. Ine chimangirizo chilichonse ndinkaika osachepera khumi ndipo sindinalepherepo. Mwana asachepetse, angosankha ovuta. Mwachitsanzo nsima yake ikanakhala kuti sinapse bwino akanalemba kuti 差强人意, yokhumudwitsa. Woonga akaona zotere amadziwa kuti uyu wawerenga.

Nachisale_Wuhan
Malume, pepani, mwagwera m'mbuna yomwe amakumbira ana pa mayeso. Cha qiang ren yi sikutanthauza kukhumudwitsa. Kumatanthauza kuti chinthucho n'chokhutiritsa ndithu, chilibe vuto kwenikweni. Anthu amasocheretsedwa ndi chilembo choyambacho, poganiza kuti ndi "choipa", pamene m'mawu amenewa chikutanthauza "pang'ono".

MalumeJoe
Koma ndamva Matchaina enieni akuligwiritsa ntchito mmene ndaneneramo. Ngakhale olemba nkhani za mpira.

Nachisale_Wuhan
Zoona, ambiri amatero. Koma pepala lomwelo la Chitchaina limakonda kukhala ndi funso losankha chiganizo chimene chengyu chalakwika, ndipo ili ndi limodzi mwa amene amabwerabwera. Mphunzitsi amene wakhala chaka chonse akuwachenjeza ana za liwu limeneli sangalikhululukire m'chimangirizo.

MphunzitsiMbewe
A Joe akunena zoona mbali imodzi. Mlendo wamkulu amene wayamba chilankhulo chaka chomwecho akaika chengyu pamalo pake, aphunzitsi amaombera m'manja chifukwa akuyeza mawu amene waphunzira. Kwa mwana wa chuzhong, kudziwa 兴高采烈 si nkhani, anzake anaphunzira ku pulayimale. Chimene akuyeza ndi kusankha.

Bambo a Tada, tatikoperani ziganizo ziwiri kapena zitatu zimene muli ma chengyu, tione.

BamboWaTada
Nazi. Polowa kukhitchini: 我兴高采烈地、迫不及待地、小心翼翼地走进厨房。 Pakudya: 妈妈首当其冲地吃了一口。 Ndipo kumapeto akuti kuyambira tsiku limenelo iye ndi amayi ake 相敬如宾. Pa kuphika penipeni analemba kuti 经过千辛万苦,我终于做好了。

MphunzitsiMbewe
Zinayizi zikuonetsa mitundu inayi ya vuto, mwatipatsa zabwino.

Choyambacho, atatu aunjikana pa mneni mmodzi ndipo akumenyana. Woyamba ndi wa chisangalalo chodzaza tsaya, wachiwiri ndi wa kupupuluma, wachitatu ndi wa kusamala ngati wanyamula mazira. Munthu sangalowe pakhomo m'njira zitatuzi nthawi imodzi. Komanso amayi ali chigonere ndi malungo, mwana akusangalala chiyani? Funso loyamba pa chengyu chilichonse n'lakuti mtima wake ukugwirizana ndi mtima wa nkhaniyo kapena ayi.

Chachiwiri ndi tanthauzo. Shou dang qi chong si "kukhala woyamba" wamba. Ndi kukhala woyamba kugundidwa ndi tsoka kapena chiwembu, monga mudzi wa m'mphepete mwa mtsinje madzi akasefukira. Ndiye mwana walemba, mosadziwa, kuti amayi ake ndi amene anayamba kukanthidwa ndi nsimayo.

Chachitatu ndi mwini wake wa mawuwo. Ma chengyu ena ali ndi anthu awo. Xiang jing ru bin ndi ulemu wa pakati pa mwamuna ndi mkazi wake, basi. Ena otere: 豆蔻年华 ndi wa mtsikana wa zaka 13 kapena 14, osati mnyamata kapena mayi, 汗牛充栋 ndi wa kuchuluka kwa mabuku, osati mapoto. Buku limene munagula mwina limangopereka tanthauzo la mzere umodzi. Mwana aziloweza chengyu pamodzi ndi chiganizo chonse chimene anachipezamo, kuti adziwe kuti chimayenda ndi ndani.

Chachinayi ndiye chimene chadya malikisi ambiri, ngakhale kuti sichinalakwike galamala. Qian xin wan ku, mavuto zikwizikwi. Zilembo zinayi zimenezi zameza ndime ziwiri zija ndimanena. Pamene woonga amadikira kuona mibulu, utsi ndi dzanja lopsa, wapatsidwa chikwangwani cholembedwa kuti "panali mavuto". Akanalemba chonchi: 锅里的玉米糊越搅越硬,我的手腕酸得发抖。 Phala mumphika likulimbiralimbira pamene ndikuvundula, mkono wanga walema mpaka kunjenjemera. Mulibe chengyu, koma munthu akuona. Ndiye pambuyo pa ziganizo zitatu zinayi zotere, chimodzi chingabwere kudzamanga mfundo, monga 手忙脚乱, manja ndi miyendo kusokonekera, pofotokoza pamene phala likusefukira iye akufunafuna mthiko. Chengyu chibwere pambuyo pa chithunzi, osati m'malo mwa chithunzi.

KaduwaZA
Amayi kukanthidwa ndi nsima, ndaseka mpaka anzanga muno andiyang'ana. Mwanayo musamuuze kuti taseka.

Chimwe88
Zikundikumbutsa mnzanga wa Folomu 4 amene chimangirizo chilichonse ankayamba ndi "Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga", kaya mutu ndi ngozi ya pamsewu kaya ulimi wa fodya. Aphunzitsi anafika pomutchula kuti a Denga.

Nachisale_Wuhan
Muvi wa nthawi uja wa mwana wa a Tada ndi denga lawo la kuno. M'kalasi la ana 45, ochuluka ndithu ayamba ndi muviwo kapena ndi 阳光明媚,万里无云, dzuwa likuwala kumwamba kulibe kamtambo. Sakuchotsera malikisi poyera, koma mizere iwiri yapita pachabe ndipo woonga wayamba kale kukuika m'gulu la pakati.

Ndiwonjezere za galamala, chifukwa ndi pamene ife olankhula zilankhulo zina timapunthwa. Ma chengyu ambiri salandira pamtherankhani kumbuyo kwawo. Sunganene kuti 他漠不关心我 pofuna kunena kuti sandilabadira. Uyenera kunena 他对我漠不关心. Ena ali kale ndi liwu mkati, ndiye ukalibwereza zimakhala ngati chibwibwi: 忍俊不禁 muli kale kuseka, kuwonjezera 地笑了 amaonga ngati cholakwika.

MalumeJoe
Chabwino, ndamva. Ndiye angati? Tipatseni nambala, mwana pa mayeso alibe nthawi ya filosofi.

MphunzitsiMbewe
Lamulo lolembedwa palibe. Ine ndimati atatu mpaka asanu m'zilembo 600, osapitirira mmodzi pa chiganizo, ndipo m'ndime ya kamphindi kaja ndimakonda musakhale ngakhale mmodzi. Aliyense amene mwana akumukayikira tanthauzo kapena kalembedwe, amusiye. Chilembo chimodzi chikalakwika mu chengyu chimaonekera patali. Pa gaokao ya dziko lonse, mayeso olowera ku yunivesite, pomwe chimangirizo ndi malikisi 60 mwa 150 ndipo zilembo n'zosachepera 800, chilembo cholakwika chilichonse chimachotsa malikisi amodzi, kuiwala mutu awiri, ndipo kuperewera zilembo 50 zilizonse amodzi. Zhongkao chigawo chilichonse chili ndi kaongedwe kake, ndiye funsani aphunzitsi ake pepala la kaongedwe ka kwanuko.

AuntyMercy_SG
Ine ndili ku Singapore, ndimalera ana a banja la Chitchaina. Kuno ana amapita ku maphunziro apadera ndipo amaloweza timabuku ta mawu okoma ndi ziganizo zokoma, za nyengo, za mantha, za chisoni, kuti akangoona zithunzi za pa mayeso azingotola. Wamkulu wa pakhomo pano amakhoza bwino ndi njira imeneyo. Ndiye kuloweza musakunyoze. Mwana amene kunyumba salankhula Chitchaina alibe nkhokwe ina.

MphunzitsiMbewe
Sindikunyoza, mayi. Kwa mwana amene chiganizo chikumuvuta kumanga, zolowezazo ndi ndodo yoyendera. Koma uyu akutha kale kuyenda. Ndipo ku zhongkao woonga akanunkhiza kuti chimangirizo n'chokonzeratu chimene changovekedwa mutu watsopano, amachitsitsa.

AuntyMercy_SG
Komatu ngakhale ku China ana amakonzeratu nkhani zawo zitatu zinayi. Mayi wa pano anakulira ku Fujian, akuti aliyense ankatero.

Nachisale_Wuhan
Amatero mpaka lero, ndipo aphunzitsi ena amalimbikitsa. Kusiyana kwake n'kwakuti ukonzeretu nkhani, osati ziganizo. Nsima yomweyi ingalowe pa mutu wa kukula, wa kukoma kwa kwathu, ngakhale wa chikondi cha amayi. Koma pa mutu uliwonse ndime yonenepa imasuntha. Pa "kukoma kwa kwathu" mimba ndi kudya ndi fungo, kuphika kuchepe. Mwana woloweza ziganizo sangasunthe mimbayo, ndiye amagwa ndi paoti, kuphonya mutu.

MphunzitsiMbewe
Apo tigwirizana theka. Ine ndaona ana okonzeratu nkhani akuikakamiza pa mutu umene sikukwana, chifukwa choikonda. Koma tisiye pomwepo, sitimaliza.

BamboWaTada
Ndamuonetsa zonsezi. Za a Denga waseka. Koma wafunsa funso limene ine ndalephera: kamphindi kakukulako ndi kati kwenikweni? Iye akuti ndi pamene nsima inapsa.

MphunzitsiMbewe
Mufunseni chimene chinachitika ataomola n'kupititsa kuchipinda. Kupsa kwa nsima ndi kupambana pa ntchito, koma mutu ukufunsa kusintha kwa munthu. Kawirikawiri kamakhala kanthu kakang'ono kamene mwana akuona kuti n'kosayenera kulemba.

BamboWaTada
Akuti amayi ake anatema mbamu, anapeza m'bulu wa ufa wosapsa pakati, anautafuna osanena kanthu. Ndiyeno iye anatenga beseni n'kuwasambitsa m'manja atatha kudya, ndipo anazindikira kuti masiku onse amene amathira madzi ndi amayi, iye ndiye wotambasula manja.

Nachisale_Wuhan
Ndime yachisanu ndi imeneyo. Ailembe mmene wakuuziranimo, asathiremo 恍然大悟, chengyu cha kuzindikira mwadzidzidzi.

MphunzitsiMbewe
Eya. Ndipo mathero aja a "ndidzalimbikira sukulu kuti ndibwezere makolo" achoke, chifukwa angamatidwe pa chimangirizo chilichonse. Mizere itatu yokwana: anene chimene chasintha m'manja mwake, ndipo mawu akuti 长大, kukula, aonekemo kuti woonga aone kuti mutu wayankhidwa. Kusambitsa m'manja akufotokoze ndi theka la chiganizo kuti ndi mwambo wa kwathu, apo ayi woonga adabwa kuti beseni likutani kuchipinda. Chinanso, pa mayeso enieni asalembe dzina lake lenileni kapena la sukulu m'kati mwa nkhani, amaletsa.

MalumeJoe
Ine ndikanaikabe chengyu chimodzi champhamvu pa mzere womaliza. Mchira wa kambuku wopanda mawanga?

Chimwe88
Malume sagonja.

BamboWaTada
Alembanso Loweruka ndi wotchi patebulo, mphindi 45. A Mbewe, funso lina: liwu la nsima alilembe m'zilembo zathu pakati pa timabokosi, kapena alipezere zilembo za Chitchaina zomveka chimodzimodzi?

MphunzitsiMbewe
Ine ndingasankhe zilembo za Chitchaina m'zizindikiro za mawu ogwidwa, kamodzi kokha, kenako azingoti 玉米糊, phala la chimanga, kapena 这锅饭, chakudya cha mumphikachi. Koma aphunzitsi amasiyana pa zimenezi, ena salabadira. Akawafunse ake Lolemba, atenge ndi pepala lakalelo.